Padi ikamachedwa kapena kuduka pa foni: mmene mungapezere pamene pali vuto

Mwana wa mlongo wanga amakhala ku Ulongué, ndipo chaka chatha nditapita kukawaona ndinamupeza wakhala pakhonde, tabuleti waitsamiritsa ku chitini cha shuga, padi ili m'manja, nkhope ili gwaa. Ankasewera mpira. Akadina batani lopatsira mnzake, wosewera wa pa sikirini ankathamangabe ndi mpira kaye kenako n'kumenya mochedwa, mdani atafika kale. Nthawi zina wosewerayo ankangolunjika kunja kwa bwalo ngati wagwidwa ndi chiwanda, kenako kanyali ka padi n'kuyamba kuphethira. "Amalume, padi iyi yatha, ndikufuna ina," anatero. Padiyo, imene ena kuno timaitchula kuti komando, inalibe vuto lililonse. Tinathetsa nkhaniyo tsiku lomwelo osawononga ngakhale metikali imodzi, ndipo njira imene tinatsata ndi imene ndikufotokoza pano.

Choyamba, dziwani chimene chikuchedwa

Anthu ambiri akaona gemu ikuchedwa amathamangira kuimba mlandu bulutufu, pamene kuchedwa kuli mitundu itatu ndipo uliwonse uli ndi mankhwala ake. Pali kuchedwa kwa pakati pa padi ndi foni, pali kulemedwa kwa foni yeniyeniyo, ndiye pali kuchedwa kwa netiweki pakati pa foni yanu ndi seva ya gemu. Mukasokoneza zitatuzi mudzagula padi yatsopano n'kupeza kuti palibe chasintha.

Kuzisiyanitsa n'kosavuta. Tsegulani gemu imene imaseweredwa popanda intaneti, monga masewera oyeserera a mu Dream League Soccer kapena gemu iliyonse ya pa PPSSPP, pulogalamu yoseweretsa magemu a PSP pa foni. Yatsani Airplane mode, kenako muyatsenso bulutufu yokha, wayifayi ndi data zikhale zozima. Sewerani mphindi zisanu ndi padi, kenako ikani padiyo pansi musewere mphindi zina zisanu ndi zala pa sikirini.

Ngati zonse ziwiri zikuyenda bwino, ndiye kuti padi yanu ndi yamoyo, vuto limabwera intaneti ikayatsidwa. Ngati zala zikuyankhidwa msanga koma padi ikuchedwabe, vuto lili pa kulumikizana kwa padi ndi foni, kapena pa kapulogalamu kena kamene kakulowerera pakati. Ngati ngakhale zala zikuchedwa ndipo zithunzi zikudumphadumpha, musavutitse padi, foni ndi imene yatopa.

Mtundu wa kutopa kwa foniwu ndiutchuliretu chifukwa kwathu kuno ndi wofala. Foni ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse mkati. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye foni imayamba gemu ili yofunda kale. Chizindikiro chake n'chakuti mphindi khumi zoyambirira zonse zimayenda bwino, kenako zimayamba kulemera, ndipo mukagwira kumbuyo pafupi ndi kamera pamawotcha. Chotsani chikuto, musasewere foni ili pa tchaja, chepetsani kuwala kwa sikirini, ndipo mu gemu mutsitse kukongola kwa zithunzi. Musaiike mufiriji, chifukwa ikatuluka imachita chinyontho mkati. Gemu imene imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa mamilisekondi 17 aliwonse. Ikatsika kufika pa zithunzi 30, mpatawo umakhala mamilisekondi 33, ndipo dzanja limamva kusiyanako ngakhale padi ili bwinobwino.

Chifukwa chake padi imalimbana ndi wayifayi

Apa ndi pamene pagona nkhani, choncho ndichedwapo pang'ono. Bulutufu imalankhula pa mafunde a 2.4 GHz. Wayifayi yakale, imene marawuta ambiri otchipa ndi mahotisipoti a mafoni amagwiritsa ntchito, ilinso pa 2.4 GHz pomwepo. Bulutufu inapangidwa mochenjera ndithu: imagawa malowo m'tinjira 79 ndipo imadumpha kuchoka pa kanjira kena kupita pa kena mpaka ka 1,600 pa sekondi, n'kumapewa tinjira timene ikuona kuti tili ndi phokoso. N'chifukwa chake wayifayi ya aneba nthawi zambiri siivutitsa kwenikweni.

Chovuta chili mkati mwa foni yanu momwemo. Mafoni ndi matabuleti ambiri ali ndi katchipu kamodzi kamene kamagwira ntchito ya wayifayi ndi ya bulutufu, ndipo kawirikawiri kaeriyo kake n'kamodzinso. Zikakhala pa 2.4 GHz zonse ziwiri, zimachita kusinthana, ngati anthu awiri otunga madzi pa mjigo umodzi. Wayifayi ikakhala ndi katundu wambiri, uthenga wa padi umayembekeza, ndipo ukatayika umatumizidwanso. Kuchedwa kotereku kuli ndi khalidwe lake: sikukhala kofanana nthawi zonse. Mumadina kanayi zonse zili bwino, kachisanu kumachedwa kwambiri, kapena batani limakhala ngati lakanirira. Zija za wosewera kuthamangira kunja kwa bwalo ndi zimenezi: uthenga wakuti "ndasiya ndodo" sunafike pa nthawi yake, ndiye foni ikuganizabe kuti mukukankhira kumanzere.

Tsopano onjezerani timahedifoni ta bulutufu ta m'makutu. Uthenga wa padi ndi waung'ono, koma mawu amayenda mosalekeza ndipo amadya nthawi yambiri ya kawailesi komweko. Mukatsegulanso maikolofoni kuti muzilankhula ndi anzanu mu gemu, foni imasungira mawuwo mpata wokhazikika, ndipo padi imangotola zotsala. Komanso timahedifoni tambiri timachedwetsa mawu ndi mamilisekondi 150 kapena kuposa, moti mumamva kulira kwa mpira mutamenya kale, n'kumaganiza kuti padi ndi imene yachedwa.

Kwa mwana wa mlongo wanga zinthu zinali chonchi: tabuleti yake ilibe simu, ndiye ankaiyatsira hotisipoti kuchokera pa foni ya amayi ake, pa 2.4 GHz. M'makutu anali ndi timahedifoni ta bulutufu. Pa hotisipoti yomweyo mchemwali wake ankaonera mavidiyo. Kaeriyo kamodzi ka tabuletiyo kankasenza padi, mawu ndi intaneti nthawi imodzi.

Chotsani chimodzichimodzi

Musasinthe zinthu zisanu nthawi imodzi, chifukwa zikayenda simudziwa chimene chathandiza, ndipo mawa vuto likabwerera mudzayambiranso pachiyambi. Sinthani chimodzi, sewerani mphindi zisanu, kenako mupite pa china.

Yambani ndi mawu. Zimitsani timahedifoni ta bulutufu, sipika ya bulutufu ndi wotchi ya pamkono ngati ndi yolumikizidwa ku foni. Gwiritsani ntchito mahedifoni a chingwe kapena sipika ya foni. Kuchita izi kokha kumathetsa mavuto a anthu ambiri amene ndawathandizapo.

Kenako wayifayi. Ngati chipangizo chimene mukuseweracho chili ndi simu, zimitsani wayifayi musewere ndi data ya 4G, chifukwa apo kaeriyo ka 2.4 GHz kamatsalira padi yokha. Ngati mumadalira rawuta, onani ngati ili ndi dzina lachiwiri la 5 GHz, limene nthawi zambiri limathera ndi 5G ngakhale kuti silikhudzana ndi netiweki ya 5G ya mafoni. Lumikizani kumeneko ndipo muuze foni iiwale dzina la 2.4 GHz, apo ayi idzabwererako yokha mukangotalikira pang'ono. Mafunde a 5 GHz sadutsa bwino makoma a njerwa, choncho khalani m'chipinda chomwe muli rawutayo.

Ngati ndi hotisipoti, pitani pa foni imene ikupereka intaneti, mulowe mu Settings, mufufuze Hotspot, ndipo mkati mwake mupeze mzere wolembedwa AP band kapena Band. Sankhani 5 GHz. Pa iPhone palibe mzere umenewo, m'malo mwake pali Maximize Compatibility, imene ikayatsidwa imaika hotisipoti pa 2.4 GHz, ndiye muizimitse. Mafoni ena otsika mtengo alibiretu 5 GHz. Zikatero chepetsani katundu: pasakhale wina woonera mavidiyo pa hotisipotiyo, imitsani mapulogalamu amene akudzikonza okha pa Play Store, ndipo foni ya hotisipoti muiike patali pafupifupi mamita awiri, osati pakati pa inu ndi tabuleti.

Ndinene pano kuti mafoni ambiri ogulidwa kuno amakhala m'Chipwitikizi, pamene ochokera ku Malawi kudzera pa Calómuè kapena pa Zóbuè amakhala m'Chingerezi. Pamene ndalemba Settings, foni ya Chipwitikizi imalemba Definições kapena Configurações, Location ndi Localização, ndipo Accessibility ndi Acessibilidade. Mizere imasiyana malo malinga ndi mtundu wa foni, choncho gwiritsani ntchito kabokosi kofufuzira kamene kali pamwamba pa Settings.

Chachitatu n'chobisika. Foni ya Android imafufuza mawayifayi ndi zipangizo za bulutufu zapafupi kuti idziwe pamene muli, ngakhale wayifayi mutaizimitsa. Kufufuzako kumatenganso nthawi ya kawailesi kaja. Lowani mu Settings, kenako Location, mupeze Wi-Fi scanning ndi Bluetooth scanning, muzimitse zonse ziwiri. Ngati kuchedwa kwanu kumabwera mwa apo ndi apo pa mpata wofananafanana, kuyesa zimenezi n'koyenera.

Chachinayi ndi Accessibility. Mapulogalamu ena amapempha chilolezo kumeneku: oyeretsa foni, osintha ntchito ya mabatani, otsekera mapulogalamu ndi nambala yachinsinsi, ndiponso aja amene amasandutsa mabatani a padi kukhala ngati zala pa sikirini. Pulogalamu yotere ikhoza kuuza foni kuti batani lililonse lodinidwa lizidutsa kaye kwa iyo lisanafike ku gemu. Chizindikiro chake n'chosiyana ndi cha wayifayi: kuchedwa kumakhala kofanana nthawi zonse, ndipo kumakhalapo ngakhale pa Airplane mode. Lowani mu Accessibility, muone mndandanda wa mapulogalamu oikidwa, muzimitse onse amene simukuwadalira. Ngati foniyo imagwiritsidwanso ntchito ndi munthu wosaona bwino amene amadalira TalkBack, kumbukirani kumubwezeretsera mukamaliza.

Pa nkhani ya mapulogalamu osandutsa mabataniwa, maganizo anga ndi akuti musawakhulupirire. Magemu ena, monga PUBG Mobile, salandira padi mwa okha, ndipo kuwakakamiza ndi mapulogalamu otere kumawonjezera kuchedwa komanso kungakutseketseni akaunti imene mwaivutikira. Call of Duty: Mobile imalandira mapadi a PlayStation ndi Xbox, koma padi imagwira mkati mwa nkhondo mokha, pa menyu mumagwiritsabe ntchito zala. Ambiri amaona padi ili zii pa menyu n'kuganiza kuti yaduka.

Chomaliza pa gawoli ndi thupi lanu. Madzi amayamwa mafunde a 2.4 GHz, ndipo thupi la munthu ladzaza madzi. Padi ikakhala pansi pa tebulo, pakati pa maondo, kapena kuseri kwa chitseko chachitsulo, mafunde amafooka. Mita imodzi yopanda chotchinga pakati ndi yokwanira bwino.

Mmene tinayezera

Kumva ndi dzanja kumanyenga, makamaka munthu ukakhala kuti wakwiya kale. Ife tinayeza ndi kamera. Ndinatenga foni yanga, ndinaika kamera pa Slow motion ya zithunzi 120 pa sekondi, n'kujambula moti chala cha mnyamatayo ndi sikirini ya tabuleti zizioneka pamodzi. Pa liwiro limeneli chithunzi chimodzi ndi mamilisekondi 8 ndi pang'ono. Iye ankadina batani lomenyera mpira kasanu, akupumira pakati. Vidiyoyo tinaitsegula pa laputopu ndi VLC, mmene batani la E limasuntha chithunzi chimodzichimodzi, ndipo tinkawerenga kuyambira pamene batani lafika pansi mpaka pamene mwendo wa wosewera wayamba kusuntha.

Zonse zili zoyatsa monga ankachitira masiku onse, tinapeza zithunzi 12, 13, 29, 12 ndi 35. Taonani kusakhazikikako. Katatu kanali pafupifupi mamilisekondi 100, koma kawiri kanafika pa 240 ndi 290, imene ndi nthawi yokwanira kuti mdani akulande mpira. Titachotsa timahedifoni, nambala yaikulu inatsika kufika pa 19. Titasamutsa hotisipoti kupita pa 5 GHz, zonse zisanu zinagwera pa 11 ndi 12. Pomaliza tinalumikiza padi ndi chingwe, tinapeza 10 ndi 11.

Nambala zimenezi ndi za tabuleti imeneyo ndi gemu imeneyo, zanu zidzasiyana. Koma zikuonetsa mfundo imene ndimafuna mnyamatayo aione ndi maso ake: bulutufu ikakhala pamtendere imasiyana ndi chingwe ndi chithunzi chimodzi chokha. Zithunzi khumi zotsalazo ndi za gemu ndi sikirini, ndipo palibe padi ya mtengo uliwonse imene ingazichotse. Chimene muyenera kusaka poyeza ndi nambala zodumpha mwadzidzidzi, osati kuchepa kwa nambala yaing'onoyo.

Padi ikamadukiratu

Kuduka kuli ndi zifukwa zake zina, ndipo choyamba kuganizira ndi batire. Batire likakalamba limatha kuonetsa kuti ladzaza, koma timamota tonjenjemeretsa padi tikangoyaka, mphamvu imagwa mwadzidzidzi ndipo padi imazima. Mungazindikire poona nthawi imene imadukira: ngati ndi pamene chigoli chalowa, galimoto yagunda kapena bomba laphulika, batire ndi limene lafooka. Zimitsani Vibration mu gemu muone ngati kudukako kusiya. Mapadi a Xbox amagwiritsa ntchito mabatire awiri a AA, ndipo mabatire otchipa aja a mutochi ndi muwailesi sakhalitsa m'menemo, pamafunika olembedwa Alkaline kapena otchajidwa. Ngati padi ili ndi batire la mkati ndipo chikuto chayamba kutukumuka, lekani kuitchaja, batirelo lisinthidwe.

Chachiwiri ndi padi yobwerekana. Mapadi ambiri amakumbukira chipangizo chimodzi chokha, chimene analumikizidwa nacho komaliza. Padi ya PlayStation 4 mukangoilumikiza ndi chingwe ku makina ake n'kudina batani la PS, yabwerera kumeneko, ndipo foni yanu idzaonetsabe dzina lake koma osalumikiza. Kwa anyamata amene amapita ndi padi yawo kumalo osewerera magemu kumsika, izi zimachitika kawirikawiri. Mankhwala ake ndi kuyambiranso mwaukhondo, motere.

Pa foni lowani mu Bluetooth, dinani dzina la padi, musankhe Forget kapena Unpair. Muchitenso chimodzimodzi pa foni ina iliyonse ya m'nyumbamo imene inalumikizidwapo ndi padiyo. Zimitsani foni n'kuiyatsanso. Ngati ndi padi ya PlayStation 4, kumbuyo kwake pafupi ndi L2 kuli kabowo kakang'ono, lowetsanimo kawaya kotulutsira simu mukanikize masekondi asanu. Ya PlayStation 5 ilinso ndi kabowo kotere kumbuyo. Kenako gwirani SHARE ndi PS pamodzi mpaka nyali iyambe kuphethira kawirikawiri mofulumira. Pa ya PlayStation 5 mabatani ake ndi Create ndi PS. Pa ya Xbox yatsani padi, mugwire kabatani kakang'ono kapamwamba pafupi ndi polowetsera chingwe kwa masekondi atatu. Dzina likaoneka pa foni, lumikizani muli pa tsamba la Bluetooth, gemu muitsegule pambuyo pake.

Mapadi otengera a mumsika, aja ofanana ndi enieni maonekedwe okha, ndiponso mapadi ena opangidwira mafoni, amakhala ndi njira zingapo zoyatsira. Kugwira HOME ndi batani lina kumaiyatsa ngati padi ya Android, kugwira ndi linanso kumaiyatsa ngati kiyibodi kapena ngati ya iPhone. Ikayaka m'njira yolakwika imalumikizika koma mabatani amasokonekera kapena imaduka gemu ikangotseguka. Kapepala ka m'bokosi ndi kamene kamanena batani loyenera, choncho kajambuleni musanakataye.

Chachitatu ndi foni yosunga moto. Battery saver imachepetsa liwiro la foni ndipo imatseka zinthu zogwira ntchito kuseri, choncho izimitseni posewera. Dziwaninso kuti mapadi ambiri amazima okha akakhala mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu osakhudzidwa. Mukapita kukadya nsima n'kupeza yazima, sikuti yawonongeka.

Zonsezi zikakanika, mu Settings muli Reset options, ndipo mkati mwake muli mzere wofufuta zonse za wayifayi ndi bulutufu, umene mafoni ena amaulemba Reset network settings. Sufufuta zithunzi kapena magemu anu, koma manambala achinsinsi a mawayifayi onse amapita, ndiye alembeni kaye papepala. Onaninso zaka za foni: padi ya PlayStation 4 inayamba kulandiridwa mokwanira pa Android 10 ndi iOS 13, ya PlayStation 5 pa Android 12 ndi iOS 14.5. Pa foni yakale kuposa pamenepo ikhoza kulumikizika koma n'kumachita zachilendo. Mapadi a Xbox ali ndi pulogalamu ya mkati imene imakonzedwa kudzera pa Xbox Accessories pa kompyuta ya Windows, ndipo ngati yanu sinakonzedwepo chiigulireni, chitani zimenezo musanaitaye. Oyambirira a Xbox One, opangidwa chisanafike chaka cha 2016, alibiretu bulutufu.

Chingwe

Pali nthawi zina pamene 5 GHz palibe, simu palibe, ndipo hotisipoti ndi ya banja lonse. Apo musalimbane nazo, gulani kachipangizo ka OTG, kolumikizira zipangizo za USB ku foni, kogwirizana ndi kabowo ka foni yanu, kaya ndi USB-C kaya micro-USB, mulumikize padi ndi chingwe. Chingwecho chikhale chodutsa data, chifukwa zingwe zambiri zobwera ndi timatochi ndi timasipika ndi zotchajira basi, ndipo padi imangoyaka nyali foni osaizindikira. Mafoni ena ali ndi mzere wa OTG mu Settings umene muyenera kuyatsa nokha, ndipo umazima wokha pakapita mphindi khumi popanda cholumikizidwa. Musanalumikize, zimitsani bulutufu ya foni kuti padi isapitirize kulankhula ndi mafunde uku ikungotchajidwa pa chingwe. Padi imakoka moto kuchokera ku foni, choncho batire la foni lidzatha msanga kuposa masiku onse, ndipo kabowo ka foni kadzakhala kotanganidwa moti simungatchaje nthawi yomweyo pokhapokha muli ndi kachipangizo ka mabowo awiri.

Mwana wa mlongo wanga anasankha kukhalabe pa bulutufu, hotisipoti ili pa 5 GHz, m'makutu muli mahedifoni a chingwe amene amayi ake anali atawaponya m'kabati. Kachipangizo ka OTG amakasunga m'thumba la tabuleti, ndipo amakatulutsa masiku amene amayi ake apita ndi foni kumunda ndipo iye akudalira hotisipoti ya foni yakale ya agogo ake, imene ili ndi 2.4 GHz yokha.